Alovera: kupaka pakhungu ndi kumwa n'zosiyana

Tsamba la alovera likadulidwa pafupi ndi tsinde, pamaoneka zinthu ziwiri. Choyamba kutuluka ndi utomoni wachikasu, wowawa kwambiri ndiponso wafungo lamphamvu, umene umadontha kuchokera m'timitsempha tapansi pa khungwa lobiriwira. Tsamba likasendedwa, m'kati mumapezeka mnofu woyera, woonekera, woterera ngati therere, wopanda kakomedwe kenikweni. Mnofu umenewu ndiwo anthu amautcha jelo. Zinthu ziwirizi zimakhala moyandikana m'tsamba limodzi, koma zimene zimachita m'thupi la munthu n'zosiyana kwambiri. Pafupifupi funso lililonse lokhudza kuopsa kwa alovera limayankhidwa podziwa ziwiri: ndi gawo liti la tsamba limene lagwiritsidwa ntchito, ndipo lalowera kuti, pakhungu kapena m'kamwa.

Zimene zili m'tsamba

Alovera, amene akatswiri a zomera amamutcha Aloe vera, ndi mtundu umodzi chabe pa mitundu yoposa 500 ya zomera za banja lake. Kwawo kwenikweni ndi ku Arabiya, koma lero amadzalidwa m'mayiko onse otentha, m'minda ikuluikulu ya malonda ngakhalenso m'zitini pakhonde.

Jelo wa m'kati ndi madzi okhaokha pafupifupi magawo 99 pa 100 alionse. Kagawo kotsalako ndi mashuga olukanalukana amene amagwira madziwo kuti asayenderere, ndipo odziwika kwambiri mwa iwo ndi asemanani. Mulinso timchere ndi timavitamini tochepa zedi, tosakwanira kuti munthu aziwerengera ngati chakudya.

Utomoni wachikasu uja uli ndi mankhwala otchedwa aloyini. Chomeracho chimapanga aloyini kuti nyama zisamadye masamba ake, ndipo kuwawa konse kwa alovera kumachokera pamenepo. Kuyambira kalekale anthu ankaumitsa utomoniwu mpaka kusanduka chibulumwa chakuda chonyezimira, n'kumaugulitsa ngati mankhwala otsekula m'mimba. Ku South Africa ntchitoyi ikupitirirabe: amadula masamba a mtundu wina waukulu wotchedwa Aloe ferox, n'kuwasanja mozungulira dzenje loyalidwa kuti utomoni udonthere pakati, kenako amauwiritsa mpaka uume.

Munthu akasinja kapena kugaya tsamba lonse, khungwa ndi zonse, jelo ndi utomoni zimasakanikirana ndipo sizingalekanitsidwenso ndi nsalu yosefera. Ngakhale wosenda mosamala amasiya utomoni pang'ono pa jeloyo, chifukwa mpeni umadula timitsempha tija n'kupaka utomoniwo paliponse pamene wadutsa.

Pakhungu

Khungu la munthu lili ndi chikuto chopyapyala cha maselo akufa ophatikizidwa ndi mafuta, chimene ntchito yake ndi kutsekereza zinthu zakunja. Jelo akapakidwa pakhungu losang'ambika, zambiri zimatsalira pamwamba pomwepo. Madzi ake amauma pang'onopang'ono n'kuziziritsa malowo, mashuga aja amasiya kansalu kopyapyala kosunga chinyezi, ndipo zolowa m'magazi zimakhala zochepa kwambiri moti sizifika povutitsa chiwindi kapena impso. N'chifukwa chake madokotala ambiri saletsa kupaka alovera pakhungu louma, pamalo owawuka ndi dzuwa, kapena pamene munthu wapsa pang'ono.

Kusaopsa sikutanthauza kuchiritsa, ndipo apa umboni ndi wosakanikirana. Mu 2007 akatswiri a ku Thailand anaphatikiza zofufuza zinayi zokhudza anthu 371 amene anapsa mosazama, napeza kuti opakidwa alovera anapola masiku pafupifupi 9 msanga kuposa anzawo. Koma mu 2012 bungwe la Cochrane, lodziwika ndi kupenda zofufuza mosakondera, linaunika zofufuza 7 za anthu 347 okhala ndi zilonda zosiyanasiyana, ndipo linagamula kuti zofufuzazo zinali zazing'ono ndi zosalongosoka, kotero palibe umboni wokwanira wakuti alovera amapoletsa zilonda. Kwa odwala khansa amene khungu lawo limawawuka ndi cheza chowotchera chotupa, zofufuza zingapo zasonyeza kuti alovera sateteza. Satetezanso khungu ku dzuwa, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa anthu achialubino: jelo wa alovera sangalowe m'malo mwa mafuta oteteza ku dzuwa, chipewa ndi malaya aatali manja.

Pali kafukufuku mmodzi amene aliyense wokonda kuthira alovera pachilonda ayenera kumudziwa. Mu 1991 madokotala a ku Amereka anatsatira amayi 21 amene mabala awo a opaleshoni ya pamimba, kuphatikizapo ya pobereka, anatseguka n'kumapola okha kuchokera pansi. Ena ankatsukidwa ndi kumangidwa mwa nthawi zonse, ena ankawonjezeredwa jelo wa alovera. Osapakidwa alovera anapola pa masiku 53, pomwe opakidwa anatenga masiku 83. Gulu linali laling'ono, komabe kusiyana kwa mwezi wathunthu sikonyozeka. Bala lakuya, lotseguka, kapena losokedwa si malo oyeserapo alovera.

Pamene munthu wapsa ndi moto, phala kapena madzi otentha, chithandizo choyamba ndi madzi ozizira aukhondo othiridwa pamalopo kwa mphindi 20. Madzi oundana sayenera, monganso mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano. Alovera angabwere pambuyo pake, ndipo pokhapokha ngati khungu langofiira popanda kusupuka. Ngati patuluka matuza aakulu, ngati malo opsawo aposa chikhatho cha wopsayo, ngati ali kumaso, m'manja, polumikizira mafupa kapena kumaliseche, ndiponso ngati wopsayo ndi mwana wamng'ono, malowo aphimbidwe ndi nsalu yoyera ndipo munthuyo apite kuchipatala. Chilonda chimene chaoneka chotuwa kapena chakuda koma chosapweteka ndicho choopsa kuposa zonse, chifukwa mitsempha yomvera ululu yapserera. Tsamba lothyoledwa pabwalo limakhalanso ndi fumbi ndi dothi, ndipo dothi likalowa m'chilonda chotseguka limatha kubweretsa mafinya ngakhalenso kafumbata.

Zovuta zimene zimadza chifukwa chopaka nthawi zambiri ndi zazing'ono: kunyerenyetsa, kuyabwa, kufiira, kapena khungu kuthina jeloyo akauma. Zambiri mwa izi zimabwera ndi utomoni wachikasu wotsalira pa jelo. Anthu ena ochepa alovera amawawenga, ndipo amatuluka totupa toyabwa kapena timatuza patapita tsiku limodzi kapena awiri. Amene amawengedwa ndi adyo kapena anyezi akakhudza khungu lawo ayenera kusamala kwambiri. Njira yodziwira ndi yapafupi: kupaka kadontho m'kati mwa mkono, kusiya osasamba pamenepo kwa tsiku lathunthu, n'kuyang'ana tsiku lotsatira ndi linzake. Pakafiira kapena kuyabwa, alovera si wa munthu ameneyo. Ubwino wa vuto la pakhungu ndi wakuti limaoneka ndi maso, ndipo munthu akatsuka n'kuleka kupaka limatha pamasiku ochepa.

Vuto lina silichokera kwa alovera mwiniwake koma ku nthawi imene imatayika. Chipere chimafuna mankhwala opha bowa wa pakhungu, mphere imafuna mankhwala opha tizilombo toboola khungu ndi kuchapa zovala za banja lonse. Jelo akhoza kuziziritsa kuyabwako kwa kanthawi pamene matenda akufalikira kwa ana onse a m'nyumba.

M'mimba

M'kamwa mulibe chikuto chotsekereza. Matumbo analengedwa kuti aziyamwa, ndipo zimene ayamwa zimapita ku chiwindi, kenako m'magazi ndi ku impso.

Aloyini amadutsa m'chifu ndi m'matumbo aang'ono osasintha kwenikweni. Akafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya okhala mmenemo amamuphwanya n'kutulutsa mankhwala ena amphamvu amene amachita zinthu ziwiri. Amachititsa matumbo kufinya mwamphamvu ndi mofulumira, ndipo amaletsa matumbowo kuyamwa madzi, m'malo mwake n'kuwachititsa kutulutsa madzi ndi mchere wa m'thupi. Ulendo umenewu umatenga maola 6 mpaka 12. Womwa madzulo amadzuka m'mamawa m'mimba mukupotokola, n'kuthamangira kuchimbudzi.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasocherera. Pali chikhulupiriro chakuti mankhwala owawa ndiwo amphamvu, ndiponso kuti munthu akatsekula m'mimba ndiye kuti zoipa zikutuluka, m'mimba mukutsukika. Koma chimene chikutuluka ndi madzi ndi mchere zimene thupi linkazifuna. Kutsekulako si chizindikiro chakuti matenda akuchoka, ndi mmene matumbo amachitira akapwetekedwa. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ziwalo zomwezo zimene utomoni wochuluka umazilemetsa.

Kuchuluka kwake ndiko nkhani yaikulu, ndipo masamu ake ndi osavuta. Ku Ulaya, kumene utomoni wouma umaloledwabe ngati mankhwala a kudzimbidwa, mlingo wa munthu wamkulu ndi mamiligalamu 10 mpaka 30 a mankhwala a gulu la aloyini patsiku, ndipo osapitirira sabata imodzi. Utomoni wouma wa alovera wogulitsidwa ngati mankhwala umakhala ndi magawo osachepera 28 pa 100 a mankhwala amenewa. Choncho kachibenthu kolemera mamiligalamu 100, kochepa kuposa kamchere kotsina ndi zala, kali kale ndi mamiligalamu 28, pafupi ndi malire a tsiku lonse. Galamu imodzi ili ndi mamiligalamu 280, kuposa malirewo kasanu ndi kanayi. Madokotala amachenjeza kuti galamu imodzi patsiku kwa masiku angapo imatha kuwononga impso ndi kupha. Munthu wogaya tsamba kunyumba alibe njira yodziwira kuti m'kapu mwake muli zingati, pakuti kuchuluka kwa aloyini kumasintha malinga ndi msinkhu wa chomera, nyengo ndi madzi amene chimalandira.

Ku Amereka, bungwe loona za mankhwala ndi zakudya la FDA linalamula mu 2002 kuti utomoni wa alovera uchotsedwe m'mankhwala otsekula m'mimba ogulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala. Chifukwa chake chinali chakuti makampani opanga mankhwalawo sanapereke umboni umene anafunsidwa wosonyeza kuti ndi osaopsa.

Womwa utomoni kwa miyezi yambiri amakumana ndi zina. Mkodzo ukhoza kusanduka wofiirira. M'kati mwa matumbo aakulu mumada, ndipo madokotala amaona zimenezi akaunika ndi kachipangizo kolowetsa m'matumbo. Kudako pakokha sikuvulaza ndipo kumatha pakapita miyezi munthu atasiya, koma ndi chizindikiro chakuti matumbo akhala akupwetekedwa kwa nthawi yaitali. Ena amazolowera kwakuti akaleka kumwa amadzimbidwa kuposa kale, n'kubwereranso ku kapu ija ndi mlingo wokulirapo.

Impso, chiwindi ndi nkhani ya khansa

Mu 2002 madokotala anafalitsa nkhani ya bambo wa zaka 47 wa ku Soweto, ku South Africa, amene anafika kuchipatala mkodzo utachepa kwambiri, impso zitasiya kugwira ntchito mwadzidzidzi ndipo chiwindi chitasokonekera. Anali atamwa mankhwala azitsamba, ndipo mankhwalawo atapimidwa anapezeka kuti munali utomoni wa Aloe ferox. Impso zimavutika mbali ziwiri pa nthawi imodzi: magazi ofika kwa izo amachepa chifukwa madzi athera kuchimbudzi, ndipo mankhwala amene ziyenera kusefa amapweteka timachubu take ting'onoting'ono.

Za chiwindi zinadziwika bwino kuyambira mu 2005, pamene madokotala a ku Jeremani analemba za mayi wa zaka 57 amene chiwindi chake chinatupa atamwa mapiritsi a alovera kwa milungu ingapo. Mu 2010 ku South Korea kunalembedwa nkhani za amayi ena atatu, onse opitirira zaka 50. Matendawa sagwera aliyense, ndipo ndi osowa poyerekeza ndi unyinji wa anthu amene amamwa alovera. Koma sasankha poonekera, sayamba tsiku loyamba, ndipo amabwera patapita milungu kapena miyezi, pamene munthu waiwala zoganizira kapu yake ya m'mawa. Zizindikiro zake ndi kutopa kosadziwika bwino, kusafuna kudya, nseru, mkodzo wakuda, ndi maso achikasu. Onse amene atchulidwawa anachira atasiya kumwa alovera. Dokotala amene sanauzidwe kuti wodwala akumwa zitsamba amataya nthawi kufufuza matenda ena, ndipo wodwalayo akapitiriza kumwa ali kunyumba, chiwindi chimapitirira kuwonongeka.

Nkhani ya khansa imafuna kuifotokoza mosakokomeza. Ku Amereka, akatswiri a boma anamwetsa makoswe ndi mbewa madzi osakaniza ndi tsamba lonse la alovera losasefedwa kwa zaka ziwiri, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Makoswe ambiri, aamuna ndi aakazi omwe, anatuluka zotupa m'matumbo aakulu, zina mwa izo za khansa. Mbewa sizinatuluke zotupa, ngakhale m'kati mwa matumbo awo munasintha. Potsamira pa zimenezi, bungwe lofufuza za khansa la IARC, la ku Lyon m'dziko la France, linaika tsamba lonse la alovera m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa mwa anthu. Gulu limeneli limatanthauza kuti umboni ulipo mwa nyama koma mwa anthu ndi wosakwanira. Mu 2018 bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya la EFSA linanena kuti silingathe kutchula mlingo wa tsiku ndi tsiku wa mankhwala a gulu la aloyini umene lingautsimikize kuti ndi wosaopsa, chifukwa ena mwa iwo amawononga chibadwa cha maselo.

Zonsezi zikukhudza kumwa tsamba lonse losasefedwa kwa nthawi yaitali. Sizikukhudza jelo wopaka pakhungu, ndipo munthu amene anamwapo kamodzi kapena kawiri alibe chifukwa chogonera tulo ta nkhawa. Amene ayenera kuganizapo bwino ndi uja amamwa kapu ya tsamba logaya m'mawa uliwonse chaka chonse.

Alovera akakumana ndi mankhwala a kuchipatala

Anthu amene amamwa alovera tsiku ndi tsiku kawirikawiri ndi omwe ali kale ndi matenda amgonagona, ndipo ndi iwo amene angapwetekeke msanga. Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene zimayendera. Mayi wa zaka 60 amamwa piritsi la haidulokolothayazaidi m'mawa uliwonse chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndiponso gilibenkilamaidi wa shuga. Mnzake wamuuza kuti alovera amatsitsa shuga. Mayiyo akuthyola tsamba pakhonde, kuchotsa minga yokha, kusinja lonse, kusakaniza ndi madzi, n'kumamwa theka la kapu madzulo alionse.

Masiku oyamba akupita kuchimbudzi katatu kapena kanayi m'mawa, ndipo akukondwa kuti mankhwala agwira. Koma piritsi lake la kuthamanga kwa magazi limagwira ntchito pokodzetsa, ndipo limataya mchere wa potaziyamu kudzera mu mkodzo. Tsopano potaziyamu akutayikanso kuchimbudzi. M'magazi a munthu wathanzi mchere umenewu umakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 pa muyeso wa kuchipatala, ndipo minofu yonse, kuphatikizapo mtima, imadalira mlingo umenewu kuti ifinye bwino. Sabata yachiwiri mayiyo akumva miyendo kulemera, kukokana kwa minofu usiku, chizungulire akadzuka pampando, ndi mtima kugunda modumphadumpha. Chifukwa cha m'mimba mopotokola akudya pang'ono, koma gilibenkilamaidi akumwabe monga kale, ndipo mankhwala amenewa amakankha thupi kutulutsa insulini kaya munthu wadya kaya sanadye. Impso zosowa madzi zikuchedwanso kuwachotsa m'magazi. Tsiku lina masana akuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kulankhula zosokonekera. Shuga watsika kwambiri.

Chofunika pa nthawi imeneyo, ngati akutha kumeza, ndi masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, kenako chakudya, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa shuga wotsitsidwa ndi gilibenkilamaidi amatha kutsikanso patapita maola. Ngati wakomoka asamwetsedwe kanthu, anyamulidwe msanga. Achibale anene poyera za alovera uja, atchule masiku amene wamwa, ndipo ngati n'kotheka atenge tsambalo kapena botolo lake. Tsamba lomwelo likanapakidwa pamkono wa mayiyu atapsa pang'ono ndi poto, palibe chimodzi mwa zimenezi chikanachitika.

N'zoona kuti zofufuza zina zazing'ono zapeza kuti jelo wa alovera amatsitsa shuga pang'ono. Koma zinali za miyezi yochepa, mlingo wake unali wosiyanasiyana, ndipo palibe imene inasonyeza kuti alovera amateteza maso, impso kapena mapazi a wodwala shuga monga amachitira mankhwala oyesedwa bwino.

Mankhwala ena osayenera kukumana ndi alovera wakumwa ndi fulosemaidi, wokodzetsa mwamphamvu, ndi pulediniziloni, amenenso amatsitsa potaziyamu. Digokisini wa mtima amasanduka poizoni potaziyamu akachepa. Kwa omwa wafarini, kutsekula m'mimba kumatha kuwonjezera mphamvu ya mankhwalawo n'kuyambitsa kutaya magazi. Kutsekula m'mimba kosalekeza kumachepetsanso nthawi imene piritsi lililonse limakhala m'matumbo, choncho omwa ma ARV, mankhwala a khunyu kapena mapiritsi olera sayenera kudzitsekulitsa dala. Woyembekezera opaleshoni amalangizidwa kusiya alovera milungu iwiri tsikulo lisanafike. Mu 2004 madokotala analemba za mayi wa zaka 35 amene anataya malita 5 a magazi pa opaleshoni ya mwendo, ndipo anakayikira mapiritsi a alovera amene ankamwa kuti anasokoneza kuundana kwa magazi limodzi ndi mankhwala ogonetsa.

Palinso anthu amene utomoni sayenera kuumwa ngakhale kamodzi. Amayi oyembekezera ali poyamba, popeza ukhoza kuyambitsa kufinya kwa chiberekero. Amayi oyamwitsa nawonso, pakuti zina zimadutsira mu mkaka. Ana osakwana zaka 12 amatha madzi m'thupi msanga kwambiri. Odwala impso kapena chiwindi, ndi aliyense amene m'mimba mukupweteka pa chifukwa chosadziwika, akhale kutali nawo: ngati matumbo atsekeka kapena apendikisi yatupa, kuwakakamiza kufinya kukhoza kuwaboola.

Za m'mabotolo ndi za kutchire

Zakumwa za alovera zopangidwa ku fakitale zimatsata njira ziwiri. Ena amasenda tsamba n'kutenga mnofu wa m'kati wokha. Ena amagaya tsamba lonse n'kudutsitsa madziwo m'makala okonzedwa mwapadera amene amagwira aloyini, ndipo madziwo amatuluka opanda chikasu ndi kuwawa. Bungwe la makampani a alovera la IASC linaika malire akuti chakumwa chisafike mamiligalamu 10 a aloyini pa kilogalamu imodzi. Pa malire amenewo, mamililita 100 amakhala ndi miligalamu imodzi kapena kucheperapo, kutali ndi mlingo wotsekula m'mimba. Chakumwa chotere sichivulaza anthu ambiri athanzi akamwa pang'ono kwa nthawi yochepa. Phindu lake ndi losatsimikizika, ndipo zambiri zotsekemera za m'masitolo zimakhala ndi shuga wochuluka wosayenera odwala shuga.

Malire aja ndi odzipereka okha, si botolo lililonse limawatsata. Chakumwa cha alovera chowawa kwambiri, chachikasu kapena chofiirira, kapena chimene chimatsekula m'mimba, chili ndi aloyini wambiri kaya pabotolo palembedwa zotani. Botolo lopanda dzina la wopanga, tsiku lothera ntchito ndi mndandanda wa zimene zilimo siliyenera kudaliridwa, makamaka ngati wogulitsa akulonjeza kuti limachiza shuga, khansa ndi Edzi pamodzi.

Jelo wopaka wa m'machubu samwedwa. Amathiramo zolimbitsa, zonunkhiritsa, utoto, mowa wa sipiriti, ndipo ena mankhwala ochititsa dzanzi. Mwana akameza wochuluka, chubucho chipite naye kuchipatala kuti adokotala awerenge zimene zilimo.

Wofuna kukonza jelo wopaka kunyumba adule tsamba lokhwima la kunsi, alitsuke, aliimike chodulira pansi kwa mphindi 15 kapena kuposerapo kuti utomoni udonthe, achotse minga ndi khungwa mbali zonse ndi mpeni woyera, n'kutsuka mnofuwo mpaka chikasu chonse chitachoka. Jelo wotere alibe zotetezera kuwonongeka: pamalo otentha amayamba kusasa tsiku lomwelo, m'firiji amakhala masiku ochepa, ndipo akasintha mtundu kapena fungo atayidwe. Kukonza kotereku kumachepetsa aloyini koma sikummaliza, choncho n'kokwanira pakhungu, osati kutsimikizira kuti jeloyo ndi woyenera kumwa tsiku ndi tsiku.

Chotsala ndi kuzindikira chomera chenichenicho. M'mapiri ndi pamatanthwe a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe mumamera mitundu yambiri yakutchire ya banja limeneli, ndipo anthu ambiri amangoitcha yonse alovera. Si yonse imene inafufuzidwa, ndipo ina ndi yakupha. Ku Zimbabwe mtundu wotchedwa Aloe globuligemma uli ndi poizoni wopuwalitsa minofu yopumira, ndipo ku Kenya ndi ku Tanzania kuli Aloe ballyi, wa masamba onunkha makoswe, amenenso ali ndi poizoni wa mtundu womwewo. Ena amasokoneza alovera ndi khonje wamng'ono. Tsamba la khonje ndi lolimba, lodzaza ndi ulusi, lili ndi munga wakuda wakuthwa kunsonga, mulibe mnofu woonekera m'kati, ndipo madzi ake amayabwa ndi kutupitsa khungu. Alovera weniweni ali ndi masamba ofewa, onenepa, obiriwira motuwira, a timinga tofewa toyera m'mbali, ndipo akamasula maluwa ake amakhala achikasu.